Malonda pa masamba amchezo: mudikire mpaka liti, musiye liti?

Ku Soche ndi madera oyandikana nawo monga Zingwangwa, Nkolokosa, Chimwankhunda ndi Chilobwe, anthu ambiri ochita mabizinesi ang'onoang'ono alibe golosale kapena benchi pamsika. Sitolo yawo ndi foni. Ophika makeke, ogulitsa kaunjika wosankhidwa ku Limbe, oluka tsitsi, akalipentala ndi oweta nkhuku amajambula katundu wawo n'kuika pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok, ndipo malipiro amalandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Vuto limabwera mwezi ukatha popanda wogula pamene bandulo ikudyabe ndalama. Ena amasiya pa sabata yachiwiri, malonda asanayambe n'komwe kugwira. Ena amakakamira chaka chonse pa tsamba lomwe silinawabweretsere ngakhale kasitomala mmodzi. M'munsimu tayankha mafunso omwe amalonda oterewa amafunsa kawirikawiri.

Kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti tsamba liyambe kubweretsa ogula?

Palibe nambala imodzi ya masiku yokwanira bizinesi iliyonse, chifukwa nthawiyi imatengera kuti kasitomala wanu amagula katunduyo kangati komanso amaganiza nthawi yaitali bwanji asanatulutse ndalama. Wogulitsa nkhuku zoyera kapena mazira angathe kuona zotsatira m'masabata awiri kapena atatu, pakuti ndiwo zimafunika tsiku lililonse ndipo wogula saganiza kawiri. Wophika makeke amadikira kuti tsiku lobadwa la mwana lifike. Kalipentala wopanga mipando ya sofa amadikira kuposa pamenepo: munthu amaona chithunzi lero, amafunsa mtengo sabata yamawa, amakambirana ndi akunyumba, kenako n'kudikira kuti alandire ndalama za chipereganyu kapena za banki m'khonde.

Muyeso womwe ndi wothandiza mu mzinda ngati wa Blantyre ndi kuwerenga kutha kwa mwezi, osati masiku. Ogula ambiri a m'tauni amakhala ndi ndalama akalandira malipiro, ndiye amene wayamba kulengeza malonda pa 5 n'kusiya pa 20 sanayese kalikonse. Lolani kuti mwezi uthe katatu, omwe ndi masabata pafupifupi 12. Pa kutha kwa mwezi woyamba anthu amangokuonani. Pa wachiwiri ena amayesa kugula pang'ono kuti aone ngati simuli akuba, poti mbava za pafoni zachititsa anthu kukhala osamala potumiza ndalama kwa munthu yemwe sanamuone. Pa wachitatu m'pamene mumadziwa ngati ogula aja akubweranso kapena akutumiza anzawo. Kwa katundu wodula monga mipando ndi zokongoletsa pa ukwati, nthawiyi ifike miyezi isanu ndi umodzi.

Masabata 12 amenewa akhale ogwira ntchito. Kuika chithunzi chimodzi kenako n'kusowa masabata atatu sikuwerengedwa. Sankhani mlingo womwe mungakwanitse, monga katatu pa sabata, ndipo muusunge.

Kodi masamba onse amayenda pa liwiro limodzi?

Ayi, ndipo kusiyanaku kumachokera pa momwe tsamba lililonse limasankhira anthu oona zomwe mwaika.

WhatsApp ndiyo imafulumira, koma ili ndi mpanda. Zomwe mwaika pa Status zimakhala maola 24 basi, ndipo amaziona ndi okhawo amene munasunga nambala yawo iwonso n'kusunga yanu. Choncho ogula oyamba amabwera msanga chifukwa ndi anthu okudziwani kale: a kutchalitchi, a kuntchito, achibale ndi anansi. Koma anthu amenewa akagula onse, malonda amaima. Ngati nambala zatsopano sizikulowa m'foni mwanu, Status singakule payokha ngakhale muike zithunzi 30 pa tsiku.

Facebook imachedwa. Tsamba latsopano la bizinesi limakhala ngati sitolo yomangidwa kuseri kwa phiri, ndipo ngakhale anthu amene amalitsatira saona zonse zomwe mwaika, pakuti Facebook imasankha yokha zoonetsa munthu aliyense. Kumene kumafulumirako ndi m'magulu a malonda momwe muli kale anthu ofuna kugula, ngakhale kuti mmenemo mumapikisana ndi ogulitsa ena ambirimbiri.

TikTok ndiyo imapusitsa ambiri. Imaonetsa kanema wanu kwa anthu osakudziwani, moti munthu wopanda omutsatira angathe kuonedwa ndi anthu zikwizikwi usiku umodzi. Koma anthuwo angakhale ku Mzuzu, ku Lusaka kapena ku Joni. Kuonedwa kumabwera msanga, kugula kumachedwa, ndipo nthawi zina sikubwera n'komwe.

Nanga ndiziwerenga chiyani kuti ndidziwe kuti zikuyenda?

Osati chiwerengero cha okonda chithunzi kapena okutsatirani. Zimenezo zimasangalatsa mtima koma sizigula ufa. Gulani kope la sukulu, ndipo aliyense amene wafunsa za katundu mumulembe pa mzere wake: tsiku, zomwe wafunsa, kumene anakuonani koyamba, ndiponso ngati walipira. Amene amagwiritsa ntchito WhatsApp Business angathe kuika zizindikiro pa macheza, koma kope silithima foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi.

Pa zinthu zinayizi, chofunika kwambiri ndi chachitatu, ndipo ndicho chomwe ambiri salemba. Pafupifupi malonda onse amathera pa WhatsApp chifukwa n'komwe anthu amakambirana mtengo ndi kutumiza umboni woti alipira. Mukangoyang'ana komwe malonda athera, mudzaganiza kuti WhatsApp ndiyo ikugwira ntchito yonse, pamene nambala yanu munthuyo anaitenga pa Facebook. Funso lake ndi lalifupi: munationa kuti koyamba? Lifunseni kwa kasitomala aliyense watsopano asanadule foni.

Mbali ina ya kope ikhale ya zomwe mwaononga pa tsamba lililonse: bandulo, ndalama zolipirira malonda ngati zilipo, ndi maola omwe mwataya pojambula, kulemba ndi kuyankha. Mafoni ambiri amaonetsa kuchuluka kwa intaneti yomwe pulogalamu iliyonse yadya pa mwezi, ndipo ambiri amadabwa akaona kuchuluka kwa zomwe makanema amadya, makamaka poti munthu akalowa kukaika kanema wake amayambanso kuonera a anzake.

Tingaone chitsanzo cha mawerengedwe amenewa?

Tiyerekeze mayi wina wophika makeke ku Soche East. Manambalawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake, ndipo aliyense aikepo ake. Keke imodzi amagulitsa K35 000. Akachotsa ufa, mazira, shuga, majarini, magetsi, bokosi ndi ya kabaza, amatsala ndi phindu la K12 000. Wayesa masamba atatu kwa masabata 12 ndipo wagulitsa makeke 25.

Atayang'ana koyamba komwe maoda anafikira, anapeza kuti 18 anabwera pa WhatsApp, 5 pa Facebook ndipo 2 pa TikTok. Koma kope linaonetsa kuti mwa 18 aja, anayi anali anthu achilendo amene anatenga nambala yake m'gulu la malonda pa Facebook. Chiwerengero chenicheni chinakhala 14 a WhatsApp, 9 a Facebook ndi 2 a TikTok.

Pa WhatsApp, makeke 14 anabweretsa K168 000. Atachotsa bandulo ya K9 000 anatsala ndi K159 000, ndipo anatayapo maola 12 okha. Pa Facebook, makeke 9 anabweretsa K108 000, bandulo inadya K18 000, n'kutsala K90 000 pa maola 24. Pa TikTok, makeke awiri anabweretsa K24 000 pamene bandulo inadya K30 000. Apa analowa m'thumba ndi K6 000, kuphatikizapo maola 36 ojambula ndi kukonza makanema, ngakhale kuti kanema wake wina anaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa zonse zomwe anaika pa masamba enawo.

Munthu wothamanga angati mayiyu asiye zonse atsale ndi WhatsApp, poti ndiyo yapindula kwambiri pa ola lililonse. Kumeneko kungakhale kulakwitsa. Tiyeni tione momwe maoda anayendera mwezi ndi mwezi. Pa WhatsApp anali 6, kenako 5, kenako 3: akutsika, chifukwa achibale ndi anzake ambiri agula kale. Pa Facebook anali 1, kenako 3, kenako 5: akukwera, ndipo onse ndi anthu atsopano omwe tsopano asunga nambala yake ndipo aziona Status yake. Pa TikTok anali 1, 1, kenako palibe. Facebook ndiyo ikudyetsa WhatsApp, ndipo akaisiya, Status idzatsala ndi anthu omwe aja mpaka malonda adzaima. Tsamba lokhalo lomwe liyenera kuzengedwa mlandu pano ndi TikTok.

Ndiye angoisiya TikTok nthawi yomweyo?

Asanatero aone kaye pomwe unyolo ukudukira. Malonda a pafoni amadutsa masitepe atatu: anthu aone, afunse, alipire. Tsamba likakhala kuti silikubweretsa ndalama, limodzi mwa masitepewa ndilo lathyoka, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Ngati oona ndi ochepa, vuto lingakhale nthawi yomwe mumaika, kusowa kwa dongosolo kapena zithunzi zamdima. Ngati oona ndi ambiri koma palibe wofunsa, mwina mukuonedwa ndi anthu olakwika, kapena simunalembe mtengo, dera lomwe muli ndi nambala. Chizolowezi chobisa mtengo n'kumauza aliyense kuti abwere kumbali chimathamangitsa ogula ambiri amene safuna kuchita manyazi akapeza kuti sangakwanitse. Koma ngati ofunsa ndi ambiri ndipo olipira ndi ochepa pa masamba onse, vuto si tsamba ayi. Ndi mtengo, kuchedwa kuyankha, kapena kusakhulupirika kwa bizinesiyo m'maso mwa ogula, ndipo kusamukira ku tsamba lina sikungathetse zimenezo. Munthu amene wafunsa mtengo wa keke 10 koloko m'mawa n'kuyankhidwa usiku amakhala atagula kale kwina.

Kwa mayi wa ku Soche East uja, kope linaonetsa kuti pa TikTok anafunsa anthu 20, koma ambiri anali ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku South Africa. Keke yokongoletsedwa siyenda pa basi maola asanu. Akanakhala wogulitsa zitenje, mawigi kapena nsapato, anthu omwewo akanakhala makasitomala, poti katundu wotere amatumizika kudzera ku makampani onyamula katundu. TikTok sinalakwe, koma katundu wake ndi wa anthu a pafupi.

Apa apereke mwayi umodzi womaliza wa masabata anayi, n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Mwachitsanzo, kanema aliyense ayambe ndi kutchula kuti ali ku Soche mu mzinda wa Blantyre ndiponso madera omwe amaperekako. Angathenso kulankhula mwachindunji kwa Amalawi a ku Joni amene akufuna kugulira keke mayi awo kapena mwana wawo ku Blantyre, poti iwo angatumize ndalama kudzera ku Mukuru keke n'kuperekedwa ku Chilomoni kapena ku Ndirande. Kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi sikuthandiza, chifukwa zikayenda simudziwa chomwe chathandiza. Masabata anayiwo akatha, kuphatikizapo kutha kwa mwezi kumodzi, phindu likadali lochepera ndalama za bandulo, asiye.

Kodi kulipira Facebook kuti ionetse malonda anga kwa anthu ambiri kumafupikitsa nthawiyi?

Kumafupikitsa nthawi yoti anthu akuoneni, osati yoti akukhulupirireni. Mukadina Boost post, mumasankha dera, zaka za anthu ndi ndalama za pa tsiku, ndipo oona amayamba kuchuluka malondawo akangovomerezedwa. Ubwino wake waukulu kwa wa ku Soche ndi woti angathe kusankha Blantyre yokha m'malo momwaza uthenga dziko lonse.

Koma pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Choyamba, kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wa Facebook, imafotokoza kuti malonda olipira amayamba ndi nthawi yophunzira, pomwe makina ake amakhala akufufuza anthu oyenera kuwaonetsa, ndipo kuti nthawiyi ithe pamafunika zotsatira pafupifupi 50 pa sabata imodzi. Ngati cholinga chanu ndi kulandira mauthenga, ndiye kuti mauthenga pafupifupi 50. Wa bizinesi yaing'ono amene waika ndalama zochepa kwa masiku awiri safika pamenepo, ndipo kusinthasintha chithunzi kapena dera tsiku lililonse kumachititsa kuti kuphunzirako kuyambirenso. Ndi bwino kuika ndalama zochepa kwa masiku 7 kapena 10 osakhudza kalikonse kusiyana ndi kuthira zonse pa masiku awiri.

Chachiwiri, malondawa amalipiridwa ndi ndalama zakunja kudzera pa khadi la ku banki. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa dola ku banki unachoka pa pafupifupi K1 180 kufika pa K1 700, ndipo malonda omwewo anakwera mtengo usiku umodzi. Choncho werengani m'makwacha enieni omwe achoka m'thumba lanu. Ngati mwaononga K30 000 n'kupeza maoda awiri, kasitomala aliyense mwamugula pa K15 000, zomwe ndi zoposa phindu la K12 000 la keke ija. Zimenezi zingakhale zomveka pokhapokha ngati kope lanu likuonetsa kuti makasitomala otere amabweranso.

Chenjezo lina ndi la anthu amene amalonjeza kukugulitsani okutsatirani 10 000. Ambiri mwa otsatirawo sakhala anthu enieni, ndipo akadzaza tsamba lanu amasokoneza manambala omwe mukanadalira popanga chiganizo.

Kodi pali miyezi yomwe si yoyenera kuweruzira tsamba?

Ilipo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yomwe mabanja ambiri amakhala atatopa ndi zikondwerero, fizi ya ana ndi feteleza wa kumudzi, komanso chimanga chimakhala chitakwera mtengo. Wogulitsa zinthu zomwe munthu angathe kukhala osagula, monga makeke, mafuta onunkhira ndi nsapato zotchena, akayamba mu Januwale n'kuweruza mu Malichi angataye tsamba labwino. Mbali inayo, wogulitsa zitenje amene wayesa tsamba masabata oyandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, kapena wa yunifomu amene wayesa mu Sepitembala sukulu zikutsegulidwa, angaganize kuti wapeza mgodi pamene inali nyengo chabe.

Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Ngati malonda atsika pa masamba onse pamodzi, ndipo anzanu a pamsika akudandaulanso chimodzimodzi, ndiye kuti ndi nyengo. Ngati tsamba limodzi lokha ndilo lagona pamene ena akuyenda, mlandu ndi wa tsambalo. Nthawi ya ngozi siiwerengedwa n'komwe. Anthu a ku Soche, Manja ndi Chilobwe akukumbukira za Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kupha anthu ambiri. M'masabata otsatira maganizo a anthu sanali pa zogula, ndipo manambala a nthawi ngati imeneyo sanena kanthu za tsamba lililonse.

Ndili ndekha pa bizinesi. Ndikhale pa masamba angati?

Awiri ndi okwana: limodzi lopezera anthu atsopano ndi lina losungira amene mwawapeza. Kwa ambiri a m'matauni a Blantyre, losungiralo ndi WhatsApp. Lopezeralo ndilo muyenera kuyesa. Tsamba lachitatu lilowe pokhapokha awiriwa akuyenda popanda kusiya makasitomala osayankhidwa. Instagram kapena X zingathandize amene amagulitsa kwa makampani, mabungwe ndi okonza maukwati akuluakulu, koma wogulitsa mandasi ndi nkhuku kwa anansi alibe chifukwa chotayira bandulo kumeneko chabe poti anzake aliko.

Ndaganiza zosiya. Ndifufute tsambalo?

Musafufute. Kusiya tsamba ndi kusiya kulidyetsa nthawi ndi bandulo, osati kuligwetsa. Ikani uthenga womaliza wonena komwe mukupezeka tsopano ndi nambala yanu yeniyeni, ndipo muukhomere pamwamba kuti aliyense wolowa aziyamba kuona umenewo. Chotsani mitengo yakale, chifukwa ndi momwe zinthu zikukwerera masiku ano, mtengo wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo umangoyambitsa mkangano ndi kasitomala. Muzilowamo kamodzi pa sabata kuona ngati pali wofunsa.

Chifukwa china chosafufutira ndi chitetezo. Dzina la bizinesi likamasuka, wina angathe kulitenga, kuika zithunzi zanu n'kumalandira ndalama kwa anthu oganiza kuti akulipira inu. Tsamba lakale lomwe lili ndi nambala yolondola limathandiza kasitomala kuzindikira wakuba.

Musanachoke, pemphani amene anagulapo kudzera pa tsambalo kuti asunge nambala yanu, inunso musunge yawo. Apempheni, musawaike m'magulu mosawafunsa, pakuti anthu ambiri akadandaula za nambala yomwe ikutumiza mauthenga osafunika, WhatsApp imatha kuitseka. Kumbukiraninso kuti uthenga wotumizidwa kudzera pa Broadcast umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ndipo nambala za makasitomala okhazikika zilembedwenso m'kope lija. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pamodzi padziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo amene anali ndi nambala za ogula ake anangoimba foni kapena kutumiza uthenga wamba.

Kodi tsamba lomwe ndasiya ndingadzalibwererenso?

Inde, ngati chinthu chomwe chinalilepheretsa chasintha. Mayi wa makeke uja akadzayamba kugulitsa zinthu zotumizika kutali, monga zikombole zophikira, mabokosi ndi zokongoletsera makeke, kapena akadzayamba kuphunzitsa kuphika pafoni, anthu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene ankamufunsa pa TikTok adzakhala msika wake. Pamenepo atsegule tsamba latsopano m'kope, alembe tsiku loyambira ndi tsiku lomwe adzaweruze, pamodzi ndi chiwerengero cha maoda chomwe chingabweze ndalama za bandulo. Pa phindu la K12 000 ndi bandulo ya K30 000, chiwerengerocho ndi maoda atatu pa masabata 12, ndipo ngati akufuna kuti maola 36 aja amulipire ngati momwe a pa Facebook amamulipirira, pa K3 750 pa ola, afunika maoda 14.